Madzi a pansi penipeni pa nyanja yamchere amalemera bwanji? Mafunso ndi mayankho

Ku sekondale ambiri tinauzidwa kuti madzi safinyika. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku mawuwa alibe vuto, koma si oona kotheratu. Madzi amafinyika, kungoti pamafunika mphamvu yochuluka kwambiri kuti kufinyikako kuoneke, ndipo mphamvu yotereyi imapezeka pansi pa nyanja zamchere. Mafunso ali m'munsiwa akulondola nkhani imodzi: tikatenga madzi apamwamba n'kuwatsitsira ku Challenger Deep, malo akuya koposa onse odziwika, densite yake isintha motani, ndipo yankho lathulo tingalikhulupirire mpaka pati?

Tisanapite patali, densite ndi puresha n'chiyani pa nkhaniyi?

Densite ndi kulemera kwa chinthu pa voliyumu yodziwika, ndipo pano tiziyesa makilogalamu amene ali mu kiyubiki mita imodzi. Madzi opanda mchere ali ndi pafupifupi 1000 kg/m³. Madzi amchere apamwamba pa nyanja ali ndi pafupifupi 1025 kg/m³, chifukwa mu kilogalamu iliyonse muli magalamu pafupifupi 35 a mchere.

Puresha ndi mphamvu yokankha pa sikweya mita imodzi, ndipo imayesedwa m'mapasikalo, amene chizindikiro chake ndi Pa. Pasikalo imodzi ndi yaing'ono kwabasi. Mpweya umene watizingawu umatikankha ndi 101,000 Pa, ndipo mukamira m'madzi, mamita 10 alionse amawonjezerapo puresha yofanana ndi imeneyi. N'chifukwa chake tizigwiritsa ntchito MPa, amene ndi mapasikalo miliyoni, ndi GPa, amene ndi mapasikalo biliyoni.

Nanga baluki modyulasi ndiye chiyani?

Ndi nambala yotiuza mmene chinthu chimakanira kuchepa chikapanikizidwa mbali zonse nthawi imodzi. Imalembedwa ndi chilembo K, ngakhale mabuku ena amalemba B.

```
K = −ΔP / (ΔV / V)
```

ΔP ndi puresha imene yawonjezeka, V ndi voliyumu yoyambirira, ndipo ΔV ndi mmene voliyumuyo yasinthira. Gawo lapansilo ndi voliyumu yogawidwa ndi voliyumu inzake, choncho lilibe muyeso wake. Pachifukwa ichi K imayesedwa m'mapasikalo ngati puresha.

K ikakula ndiye kuti chinthucho n'chouma mutu pochifinya. Mpweya wamba uli ndi K ya pafupifupi 0.0001 GPa, madzi opanda mchere 2.2 GPa, madzi amchere 2.3 GPa, ndipo chitsulo cha sitilo chili pa 160 GPa. Madzi tsono ndi ovuta kufinya kuposa mpweya maulendo oposa 20,000, koma ndi ofewa kuposa chitsulo maulendo pafupifupi 70. Kusiyana ndi mpweyaku mungakumve ndi dzanja: tengani sirinji yopanda singano, tsekani kukamwa kwake ndi chala, mukankhe. Mukakhala mpweya imalowa ndithu. Mukakhala madzi, simuona kanthu.

Chizindikiro cha kuchotsera chili kutsogolo kwa fomulayi chikutani?

Puresha ikakwera voliyumu imatsika, ndiye ΔV imakhala nambala yapansi pa ziro. Chizindikirocho chaikidwa kuti K ituluke nambala yapamwamba pa ziro. Mukapeza kuti densite yapansi pa nyanja yachepa poyerekeza ndi yapamwamba, yambani mwayang'ana pamenepa.

Kompuresibilite ikusiyana bwanji ndi baluki modyulasi?

Ndi nkhani yomweyo yoyang'anidwa chotembenuza. Baluki modyulasi imanena za kukana, kompuresibilite imanena za kugonja.

```
β = 1 / K
```

Ya madzi amchere ndi 1 kugawa ndi 2.3 × 10⁹, zimene zikutipatsa pafupifupi 4.3 × 10⁻¹⁰ pa pasikalo imodzi. Nambala yotereyi siilankhula kanthu kwa munthu, choncho ndimakonda kuinena chonchi: mamita 10 alionse amene mwatsika, madzi amataya magawo pafupifupi 44 pa magawo miliyoni a voliyumu yake. Mu thanki ya mamita awiri zimenezi zilibe ntchito. Pa makilomita khumi ndi limodzi, tizigawo timeneti timaunjikana.

Anayamba ndani kutsimikiza kuti madzi amafinyika?

Anali John Canton wa ku England, m'chaka cha 1762. Zaka zana m'mbuyo mwake akatswiri a mumzinda wa Florence ku Italy anayesapo kufinya madzi m'mipira yachitsulo, ndipo atalephera kuona kusintha, dziko linakhulupirira kuti madzi safinyika. Canton anadzaza madzi m'kabotolo kagalasi kokhala ndi khosi lalitali, lopyapyala kwambiri, n'kukaika m'chotengera chimene ankatha kupopamo kapena kuchotsamo mpweya. Popeza khosilo linali lopyapyala, kusintha kochepa kwa voliyumu kunkaoneka ngati kukwera kapena kutsika kwa madzi m'khosimo. Anzake aja ankalimbana ndi kuwonjezera mphamvu, pamene iye anapeza njira yoonera kusintha kwakung'ono.

Tiwerengereni tsono: ku Challenger Deep densite ifika pati?

Challenger Deep ili m'chigwa cha Mariana, kumadzulo kwa nyanja ya Pacific, ndipo kuya kwake ndi pafupifupi mamita 10,900. Titenge densite yapamwamba, imene timailemba ρ, kukhala 1025 kg/m³, K kukhala 2.3 × 10⁹ Pa, ndi g, mphamvu yokoka ya dziko, kukhala 9.8 m/s². Chilembo h chikuimira kuya.

Choyamba tipeze puresha imene madzi onse ali pamwambawo akubweretsa:

```
ΔP = ρ g h = 1025 × 9.8 × 10900 ≈ 1.095 × 10⁸ Pa
```

Amenewa ndi 109.5 MPa, kuposa puresha ya mpweya wapamtunda maulendo oposa chikwi. Onani kuti sitinaphatikizepo puresha ya mpweya. Madzi apamwamba aja anali kale pansi pa mpweyawo pamene tinkanena kuti densite yawo ndi 1025, ndipo ife tikufuna puresha yowonjezera yokha.

Kenako tipeze gawo la voliyumu limene latayika:

```
ΔV / V = −ΔP / K = −(1.095 × 10⁸) / (2.3 × 10⁹) ≈ −0.0476
```

Madziwo achepa ndi 4.76 peresenti. Lita imodzi ya madzi apamwamba ikafika pansipo imatsala mamililita 952. Palibe dontho limene latayika, timagawo ta madzito tangoyandikana.

Apa ndi pamene densite ikulowa. Kiyubiki mita yathu inali ndi makilogalamu 1025. Makilogalamuwo adakali omwewo, koma tsopano akhala mu 0.9524 ya kiyubiki mita:

```
ρ = 1025 / (1 − 0.0476) ≈ 1076 kg/m³
```

Yankho loyamba ndi limenelo: densite yakwera ndi makilogalamu pafupifupi 51 pa kiyubiki mita, kapena kuti 5 peresenti.

Mnzanga wapeza 1074, wina 1075, ine 1076. Walakwa ndani?

Mwina palibe. Amene wapeza 1074 wanena kuti densite imakwera ndi gawo lomwelo limene voliyumu yatsika nalo, ndiye wachulukitsa 1025 ndi 1.0476. Njira imeneyi ndi yachidule, ndipo imagwira bwino kusintha kukakhala kochepa. Amene wapeza 1075 watenga tanthauzo lenileni la K, lonena za kusintha kwakung'onong'ono, n'kuphatikiza tizidutswa tonse kuyambira pamwamba mpaka pa puresha ya 109.5 MPa. Apa ρ₀ ndi densite yapamwamba, ndipo e ndi nambala yosasintha ya m'masamu, pafupifupi 2.718:

```
ρ = ρ₀ e^(ΔP/K) = 1025 × e^0.0476 ≈ 1075 kg/m³
```

Inu mwapeza 1076 pogawa ndi voliyumu yotsala. Njira zitatuzi zimafanana madzi akakhala osaya. Pa mamita 1000 zonse zimapereka 1029.5, ndipo zimayamba kupatukana pang'ono pokhapokha kufinyika kukafika pa maperesenti angapo. Pa mayeso tsatirani njira imene funso likuloza, ndipo lembani poyera kuti mwatenga K ngati nambala yosasintha. Koma kukangana pa makilogalamu awiri amenewa n'kutaya nthawi, chifukwa pali china chimene chimasuntha yankho kuposa pamenepa, ndipo tifikapo.

Koma tagwiritsa ntchito 1025 popeza puresha, pamene tangoona kuti densite imakula tikamatsika. Si kudzitsutsa kumeneku?

Funsoli ndi la munthu amene akuganiza, ndipo ndi loona. Taganizirani mabelo a thonje osanjikizana m'nyumba yosungiramo katundu. Apansi aphwanyidwa ndi anzawo, choncho mita imodzi ya mulu kumunsi ili ndi thonje lochuluka kuposa mita imodzi kumwamba. Madzi nawo ali choncho. Mita iliyonse yakuya imalemera kuposa imene ili pamwamba pake, ndiye puresha yeniyeni pansi iyenera kuposa imene tapeza ija.

Kuti tikonze zimenezi timagawa nyanja m'timagawo topyapyala. Pa kagawo kalikonse puresha imakwera malinga ndi densite ya pamalopo, ndipo densite imakwera malinga ndi puresha yawonjezekayo:

```
dP = ρ g dh
dρ = ρ dP / K
```

Tikalowetsa yoyamba mu yachiwiri n'kuphatikiza kuyambira pamwamba mpaka pa kuya h, timapeza:

```
ρ = ρ₀ / (1 − ρ₀ g h / K)
P = K ln(ρ / ρ₀)
```

Yang'anitsitsani fomula yoyambayo. Ndi yomwe ija tinagwiritsa ntchito popeza 1076. Zimandisangalatsa kuti njira yosavuta ya wophunzira ikugwirizana ndendende ndi ya kalikulasi, bola K ikhale yosasintha. Chimene chasintha ndi puresha: tsopano ikutuluka pafupifupi 112 MPa m'malo mwa 109.5 MPa. Kusiyanaku ndi maperesenti awiri ndi pang'ono, theka la kufinyika kwa pansi penipeni, chifukwa densite ya mulu wonse wa madzi ili pakatikati pa yapamwamba ndi yapansi. Wopanga chombo chomira sangakunyalanyaze, ndipo woyesa kuya pogwiritsa ntchito puresha akakuiwala angaphonye ndi mamita oposa 200.

Ndiye 1076 ndi yankho lomaliza?

Ayi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. K si nambala yosasintha. Madzi akamafinyika amalimbiralimbira, chifukwa timagawo take tikayandikana timakankhana mwamphamvu. Kilomita yoyamba imafinya madzi kwambiri kuposa kilomita yakhumi.

Tili ndi poyesera pabwino. Mu fomula ya madzi a m'nyanja yotchedwa EOS-80, imene bungwe la UNESCO linafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, madzi a mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa kilogalamu otentha madigiri 5 ali ndi densite ya 1027.7 kg/m³ pamwamba, ndipo K yawo pamenepo ndi 2.22 GPa. Tikawaika pa puresha ya 100 MPa n'kuganiza kuti K sisintha, fomula ya e ija ikutipatsa 1075. Densite yeniyeni ndi 1069.5. Tinkayembekezera kuwonjezeka kwa makilogalamu 47, koma kwenikweni ndi 42, chifukwa pofika pa puresha imeneyi K yakwera kufika cha m'ma 2.8 GPa. Kulakwa kwa makilogalamu asanu kumeneku kukuposa mkangano uja wa 1074 ndi 1076.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake. Madzi ali ndi khalidwe lachilendo lakuti akamazizira amafinyika mosavuta. Opanda mchere amalimba koposa cha pa madigiri 45, ndipo kutsika kuchoka pamenepo amafewerafewera. Nambala ya 2.3 GPa ndi ya madzi amchere ofunda apamwamba, pamene nyanja yakuya ndi yozizira, pakati pa digiri imodzi ndi madigiri anayi. Komanso madzi ozizirawo amayambira pa 1028, osati 1025, ngakhale asanafinyidwe.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, densite ya pansi pa Challenger Deep imafika cha m'ma 1074 kg/m³. Yankho lathu losavuta lagwera pafupi kwambiri, koma tisadzinamize kuti njirayo ndi yangwiro. Zolakwa zake zikukokera mbali zosiyana: kuyambira pa 1025 kukutsitsa yankho, kutenga K ya madzi ofunda kukulitsitsanso, ndipo kuiwala kuti K imakwera kukulikweza. Ine ndingalangize kuti yankho lochokera ku K yosasintha lizinenedwa kuti "pakati pa maperesenti anayi ndi asanu", osaunjika manambala kuseri kwa dontho ngati kuti tikuwadziwa.

Ndingadziwe bwanji msanga kuti ndasokoneza powerengera?

Sungani m'mutu kuti kilomita iliyonse imawonjezera puresha ya 10 MPa ndi densite ya makilogalamu anayi kapena asanu pa kiyubiki mita. Funso likanena za mamita 4000, yembekezerani 40 MPa ndi densite ya cha m'ma 1043. Mukapeza 1025.05 kapena nambala ya zikwi makumi, ndiye kuti mwasakaniza MPa ndi GPa, kapena mwalowetsa makilomita pamene pamafunika mamita. Kulakwa kwina kofala ndi kulemba 4.76 pamalo pa 0.0476 mu fomula ya voliyumu yotsala, ndipo chizindikiro chake ndi densite yapansi pa ziro.

K ya madzi amchere amaiyesa bwanji?

Njira yodalirika kwambiri ndi ya phokoso. Phokoso limayenda m'madzi pofinya ndi kumasula madziwo, choncho liwiro lake, c, limadalira K ndi densite:

```
c = √(K / ρ)
```

M'madzi amchere phokoso limayenda pafupifupi mamita 1500 pa sekondi. Chulukitsani 1500 ndi 1500, kenako ndi 1025, mupeza 2.3 × 10⁹ Pa. Pansi pa zigwa zakuya liwiroli limaposa mamita 1600 pa sekondi ngakhale kuti madzi ndi olemera kumeneko, umene ndi umboni woti K yakwera kwambiri kuposa mmene densite yakwerera.

Pali kanthu kamodzi koti mudziwe. Phokoso limafinya madzi mwachangu, kutentha kusanapeze mpata wothawa, ndiye K imene limapereka imasiyana pang'ono ndi ya kufinya pang'onopang'ono pa kutentha kosasintha. Mu mpweya kusiyanaku ndi 40 peresenti. M'madzi ofunda ndi cha pa peresenti imodzi, ndipo m'madzi ozizira n'kochepa kuposa pamenepo, choncho pa nkhani yathu sikusintha kanthu.

Kodi n'zoona kuti sitima ikamira imakaima pakatikati, pamene madzi alemera mofanana nayo?

Si zoona. Densite ya chitsulo ndi pafupifupi 7850 kg/m³, pamene madzi ngakhale pansi penipeni safika 1080. Sitima ya Titanic ili pa matope, mamita pafupifupi 3800 pansi pa nyanja ya Atlantic.

Koma funsoli lili ndi mbali yake yoona, yokhudza zinthu zimene densite yake ili pafupi ndi ya madzi. Pamenepo chimene chimalamula ndi kuyerekeza kompuresibilite ya chinthucho ndi ya madzi. Chinthu chofinyika mosavuta kuposa madzi chikayamba kumira chimalemera mofulumira kuposa madzi ochizungulira, ndipo chimathamangira pansi. Chombo cha Trieste, chimene Jacques Piccard ndi Don Walsh anafika nacho pansi pa Challenger Deep pa 23 Januwale 1960, chinkayandama ndi thanki ya malita pafupifupi 85,000 a petulo. Petulo amafinyika kuposa madzi, ndiye pamene chombocho chinkatsika, madzi ankalowa m'thankimo kudzaza malo amene petulo wasiya, ndipo chinkalemerabe. Ankachita kutaya timipira tachitsulo kuti achepetse liwiro.

Chinthu cholimba kuposa madzi chimachita zosiyana. Chikamatsika, madzi amalemera mofulumira kuposa icho, mpaka chimafika pamene densite zafanana n'kuima. John Swallow anagwiritsa ntchito mfundoyi m'chaka cha 1955 popanga machubu otsekedwa a aluminiyamu amene ankayandama pa kuya kosankhidwa n'kumatsatira kayendedwe ka madzi akuya. Zida za Argo za masiku ano, zimene zimayandama m'nyanja n'kumayesa kutentha ndi mchere wa madzi, ndi zidzukulu za machubu amenewa. Zimakhala pa mamita 1000, n'kutsika mpaka 2000, ndipo zimakwera posintha voliyumu yake popopera mafuta m'kathumba kakunja.

Nanga ku Nyanja ya Malawi zimenezi zilipo?

Zilipo, pa muyeso wake. Malo akuya koposa ndi pafupifupi mamita 700, ndipo puresha yake ndi 1000 × 9.8 × 700, kapena kuti 6.9 MPa. Tikagawa ndi 2.2 GPa tikupeza 0.3 peresenti, makilogalamu atatu pa kiyubiki mita.

Nambala imeneyi ikutiphunzitsa chinthu chimene ambiri amachiphonya. Madzi apansi pa nyanjayi ndi a madigiri pakati pa 22 ndi 23, ndipo apamwamba m'nyengo yotentha amafika 27 ndi kupitirira. Kusiyana kwa kutentha kumeneku kumasintha densite ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono basi, kuchepera makilogalamu atatu a kufinyika. Komabe chimene chimaletsa madzi apamwamba kusakanikirana ndi apansi, mpaka kumunsi kwa mamita pafupifupi 250 kukhala kopanda okosijeni, makamaka ndi kutenthako. Kufinyika sikuthandizapo, chifukwa madzi apamwamba atati atsike nawonso angafinyike chimodzimodzi. N'chifukwa chake akatswiri akafuna kudziwa madzi amene ayenera kukhala pansi pa anzake, amawerengera densite imene onse awiri angakhale nayo atawaika pa puresha yofanana.

Kufinyako kumawatenthetsa madziwo?

Inde, pang'ono. M'chigwa cha Mariana madzi amazizira koposa pa kuya kwa makilomita anayi kapena asanu, cha pa digiri imodzi ndi theka, kenako amayamba kufunda mpaka pafupifupi madigiri awiri ndi theka pansi penipeni. Gwero la kufundako ndi kufinyika komwe. Madzi omwewo mutawakweza pamwamba osalola kutentha kulowa kapena kutuluka, angazizire kufika cha pa digiri imodzi.

Madzi akanakhala osafinyika, nyanja zikanakhala zazitali bwanji?

Kuya kwapakatikati kwa nyanja zamchere ndi pafupifupi mamita 3700. Pansi pa mulu wotere gawo lofinyika ndi 1025 × 9.8 × 3700 kugawa ndi 2.3 × 10⁹, zimene ndi 0.016. Pamwamba palibe kufinyika, ndiye mulu wonse tiutengere theka lake, 0.008. Tikachulukitsa ndi mamita 3700 tikupeza pafupifupi mamita 30. Nambalayi ndi ya nyanja ya makoma oongoka. Madzi enieni akanasefukira m'madera otsika a m'mphepete, choncho kukwera kwake kukanachepera mamita 30 pang'ono.